Mutu 9: Kulengeza Kukwezedwa pa Ntchito Popanda Matama

Kalata yokwezedwa pa ntchito ikangofika m'manja, ambiri timathamangira kufoni. Chithunzi chabwino sichisowa, chija tinajambulitsa titatchena Lolemba lina m'mawa. Chimene chimavuta ndi mizere iwiri kapena itatu yoti ikhale pansi pa chithunzicho. Munthu amalemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Akalemba mosangalala kwambiri akuopa kuti anthu ati wayamba kudzimva. Akalemba mozizira akuona ngati akunyozetsa chinthu chimene wachidikira zaka zambiri. Ena amatopa nazo n'kungosiya osalemba kanthu, ndipo abale amadzamva nkhaniyo kwa anthu apadera.

Ambiri amaganiza kuti njira yopewera matama ndi kuichepetsa nkhaniyo, kuibisa pang'ono kapena kuikutira m'mawu odzitsitsa. Apa ndi pamene amaphonya. Nkhani yabwino siyofunika kuichepetsa. Chofunika ndi kuinena kamodzi, momveka, kenako n'kupereka malo otsalawo kwa anthu ena ndi kwa ntchito imene ikubwera. Ndipo pali munthu mmodzi amene wolemba ayenera kumukumbukira pa liwu lililonse: mnzake amene ankayembekezeranso kukwezedwa koma dzina lake silinatuluke.

Amene aziwerenga ndani?

Tikamauza munthu nkhani yabwino maso ndi maso, timasintha kanenedwe malinga ndi amene tikulankhula naye. Amayi athu timawauza mwanjira ina, abwana mwanjira ina, mnzathu amene ntchito inamuthera mwezi watha timamuuza motsitsa mawu, mwinanso timadikira kuti afunse yekha. Mawu a pansi pa chithunzi alibe mwayi umenewu. Chiganizo chimodzi chomwecho chikawerengedwa ndi amalume a kumudzi, abusa, mwana amene tinamuphunzitsa, abwana atsopano, ndi mnzathu wa mu ofesi imodzi. Aliyense adzachimva ndi khutu lake, ndipo sitidzakhalapo kuti tiwongole.

Komanso wolemba sadziwa bwino mmene mawu ake akumvekera. Mu 2015, akatswiri atatu ofufuza za khalidwe la anthu, Irene Scopelliti, George Loewenstein ndi Joachim Vosgerau, anafalitsa kafukufuku wokhudza kudzichemerera. Anapeza kuti munthu amene akunena zabwino zake amayerekeza kuti omvera akusangalala naye limodzi kuposa mmene zilili, ndipo saona kukula kwa kunyansidwa kumene mawu akewo akuyambitsa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: iye mtima wadzaza chimwemwe, choncho amaganiza kuti chimwemwecho chadzazanso m'mitima ya ena. Ndiye chifukwa chake mawu olembedwa mu ola loyamba kalata itangofika amakhala oopsa. Nthawi imeneyo wolemba sakutha kuona wina aliyense koma iye mwini.

Kuti zimenezi zioneke bwino, tiyerekeze mphunzitsi wina wa ku pulayimale, mayi amene wakhala pa PT4 zaka 11 akuphunzitsa Sitandade 8. Pasukulu pawo anthu anayi anapita ku intavyu. Kalata yabwera imodzi yokha, yake, yomukweza kukhala PT3. Mwa atatu otsalawo muli abambo ena amene anayamba ntchito iye ali pasukulu, ndipo ndi amene anamuphunzitsa kulemba sikimu atangofika. Onsewa ali ndi nambala yake, ndipo adzaona sitetasi yake ya pa WhatsApp tsiku lomwelo.

Njira zitatu zimene zimapotoka

Mawu oyamba amene amabwera m'mutu mwa mayiyu ndi awa:

"Amene munkati sindingafike, onani tsopano! Adani achita manyazi. Wokwezedwa ndi Mulungu palibe angamutsitse. Ulendo wangoyamba kumene."

Mawu otere ndi ofala kwambiri, ndipo wolemba amaona ngati akupereka umboni. Koma tawerengani muone amene akulankhulidwa. Sakulankhula ndi omufunira zabwino ayi, akulankhula ndi adani. Vuto ndi lakuti adaniwo sanatchulidwe, choncho aliyense amene anasemphanapo naye mawu adziona kuti ndi iye. Abambo aja amene anamuphunzitsa sikimu adzadzifunsa ngati nawonso ali m'gulu la ochita manyazi. Chizindikiro cha mawu otere n'chosavuta kuchiona: muli anthu amene agonja. Mukangopeza liwu ngati adani, ansanje, onyoza kapena amene ankandiseka, dziwani kuti chilengezo chasanduka kubwezera. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Mayiyu mawa m'mawa akalowa mu ofesi ya aphunzitsi yomwe ija, ndipo choko akabwereka kwa anthu omwewo.

Atazindikira zimenezi, mayiyu akuthawira mbali inayo:

"Ine wachabechabe, sindikudziwa ngakhale chimene anaona mwa ine. Pa anthu onse amene tinapita ku intavyu, asankha ine ndekha! Ntchito ichuluka tsopano, kugona kwatha."

Apa mawu akuoneka ofatsa, koma matama alipo, angovala malaya ena. Chiganizo chachiwiri chikukumbutsa owerenga kuti panali mpikisano ndipo wapambana ndi iye yekha. Chachitatu chikudandaula za chinthu chimene anzake atatu aja akanachilandira ndi manja awiri. Kudzitama kobisika kotereku kunafufuzidwanso. Mu 2018, Övül Sezer ndi anzake anasonyeza kuti kumabwera m'mitundu iwiri, wina wobisala m'kudandaula, wina wobisala m'kudzichepetsa, ndipo mitundu yonse iwiri imachititsa kuti anthu asamukonde wolankhulayo kuposa mmene akanachitira akanangodzitama poyera. Chimene chimawakwiyitsa ndi chinyengocho. Wodzitama poyera amatopetsa, koma wodzitama mobisa amaoneka ngati akuyesa owerenga ana oti sangazindikire. Palinso chovuta china: ponena kuti ndi wachabechabe, mayiyu akunyoza amene anamusankha, ndipo akuuza anzake aja kuti agonja kwa munthu wopanda pake. Pamenepo palibe amene watonthozedwa.

Njira yachitatu ndi yongotchula mwapatalipatali:

"Wachitanso Yehova. Amene akudziwa akudziwa."

Mawu awa amaoneka ngati aulemu chifukwa sanatchule udindo, koma zotsatira zake ndi zosiyana ndi zimene wolemba akufuna. Foni imayamba kulira. Wina akufunsa ngati ndi ukwati, wina ngati ndi mwana, wina ngati ndi ulendo wa ku Joni. Nkhani imene ikanatha ndi chiganizo chimodzi imatenga tsiku lonse, ndipo tsiku lonselo maso a anthu ali pa wolembayo. Kukakamiza anthu kuti akufunse ndi njira inanso yodziikira pakati. Ndiponso mawu oti amene akudziwa akudziwa amagawa owerenga pawiri, a m'kati ndi a kunja, ndipo a kunjawo ndi ambiri.

Mmene mawu abwino amamangidwira

Mawu amene amamveka achikondi koma osadzikweza nthawi zambiri amakhala ndi mbali zitatu, ndipo dongosolo lake lili ndi ntchito.

Mbali yoyamba ndi nkhaniyo, m'chiganizo chimodzi chopanda zokometsera. Tchulani udindo monga mmene walembedwera m'kalata, osawonjezera. Ngati mwangopatsidwa udindo wogwirizira, nenani kuti mukugwirizira. Anzanu a kuntchito amadziwa kusiyana kwake, ndipo palibe chochititsa manyazi ngati kudzitcha ahedi kenako mwini mpando n'kutumizidwa kuchokera kwina. M'chiganizo chomwechi mukhoza kunena kuti mwasangalala. Kusangalala si matama. Munthu amene wakwezedwa koma akulemba ngati akulengeza za maliro amadabwitsa, ndipo anthu amayamba kufunafuna chimene akubisa. Nkhaniyi iyenera kukhala patsogolo chifukwa pa Facebook ndi pa LinkedIn mawu ataliatali amadulidwa pakangotha mizere yochepa, ndipo owerenga ambiri sadina pa See more.

Mbali yachiwiri ndi kuthokoza, ndipo apa ndi pamene pamachokera chikondi cha mawuwo. Kuthokoza kwa chisawawa, kongoti zikomo nonse amene munandithandiza, sikukhudza aliyense. Kumene kumagwira mtima ndi kotchula chinthu chenicheni chimene munthu anachita: amene anakugwirirani kalasi mwana wanu atagonekedwa m'chipatala, amene munkakonzekera naye intavyu madzulo, amene anakuonetsani ntchito muli mlendo. Chinthu chimodzi kapena ziwiri n'zokwana. Mndandanda wa mayina khumi ndi asanu umabala vuto lina, chifukwa wa nambala 16 amene mwamuiwala ndi amene adzakumbukire chilengezocho mpaka kalekale. Ngati anthu ndi ambiri, atchuleni monga gulu: aphunzitsi anzanga, a kunyumba, ana a Sitandade 8. Samalaninso amene mukumuika patsogolo. Kuthokoza mabwana okhaokha, makamaka otchuka, kumamveka ngati kusonyeza kuti mumadziwana ndi akuluakulu. Kuthokoza amene muli nawo pamzere umodzi ndi amene ali pansi panu kumasonyeza kuti mukudziwa kumene mphamvu zanu zinachokera.

Mbali yachitatu ndi kuyang'ana kutsogolo, ku ntchito osati ku mpando. Chiganizo chimodzi chonena chimene mukufuna kuchita, kapena chopempha kuti anzanu apitirize kukulangizani, chimachotsa maso a owerenga pa inu n'kuwaika pa chinthu chimene nonse mukuchigwirira limodzi. Chenjerani ndi malonjezo osintha zinthu. Mukalemba kuti tsopano zinthu ziyenda bwino, mwanena kuti amene analipo kale ankalephera.

Potsata njira imeneyi, mayi uja akhoza kulemba motere:

"Ndalandira kalata yondikweza kukhala PT3, patatha zaka 11 ndikuphunzitsa. Ndasangalala kwambiri ndipo ndikuthokoza Mulungu. Zikomo aphunzitsi anzanga, makamaka inu amene munandiphunzitsa kulemba sikimu ndili mlendo, ndi inu a kunyumba amene mwapirira makope odzaza patebulo usiku uliwonse. Lolemba tikumana m'kalasi monga mwa masiku onse. Musatope kundilangiza."

Taonani zimene mulibe m'mawu awa. Mulibe chiwerengero cha amene anapita ku intavyu. Mulibe liwu lodzitamanda ngati wolimbikira kapena woyenera, komanso mulibe lodzinyoza ngati wachabechabe. Zaka 11 zatchulidwa, ndipo zikunena zokha za kupirira kwake popanda iye kudziyamikira. Chinthu chowerengeka kapena chooneka chimalola owerenga kuti aweruze okha, pamene liwu lodzifotokozera limawalanda mpata umenewo. Mawu oyamikira asiyireni ena kuti ndiwo awanene. M'kamwa mwawo ali ndi mtengo, m'kamwa mwanu alibe. Makope odzaza patebulo akupangitsa mawuwo kukhala a munthu weniweni, oti wina sangawakope n'kuika pansi pa chithunzi chake. Ndipo abambo aja akawerenga adzadzipeza alimo, osati monga wogonja koma monga mphunzitsi wa wokwezedwayo.

Dzina la Mulungu m'chilengezo

Kwa anthu ambiri kwathu kuno, Akhristu ndi Asilamu omwe, kulengeza nkhani yabwino osatchula Mulungu kumamveka ngati kusayamika. Palibe cholakwika ndi kumutchula, ndipo kwa wokhulupirira ndi chinthu chochokera pansi pa mtima. Pofunika kusamala ndi ntchito imene dzinalo likugwira m'chiganizocho. Kunena kuti ndikuthokoza Mulungu ndi kuyamika. Kunena kuti Mulungu amakweza ake, kapena kuti pemphero la wolungama layankhidwa, ndi chiweruzo pa ena, chifukwa kukutanthauza kuti amene sanakwezedwe si ake kapena sanapemphere mokwanira. Mnzanu uja mwina mumapemphera naye mpingo umodzi, ndipo naye anasala kudya sabata ya intavyu. Muyeso wake ndi uwu: chiganizocho chikhale choti naye angathe kuvomera kuti ameni popanda kudzimva kuti watayidwa.

Nthawi, malo ndi chithunzi

Mawu abwino akhoza kuwonongeka chifukwa chotuluka pa nthawi yolakwika. Dikirani kalata. Zomva kwa mnzanu wa ku likulu kuti dzina lanu lili pamndandanda si kukwezedwa. Mindandanda imasintha, ndipo kufufuta chilengezo n'kowawa kuposa kudikira sabata ziwiri. Ngati kuntchito kwanu ali ndi mwambo wolengeza okha, asiyeni ayambe. Kenako ganizirani anthu amene sayenera kumva nkhaniyi pa sitetasi: makolo, akazi anu kapena amuna anu, abwana amene anakulemberani kalata yokuchitirani umboni, ndi anzanu amene munapikisana nawo. Otsirizawa ndi amene ambiri amawathawa, koma mphindi ziwiri zolankhulana pamaso zimachita zimene chiganizo chilichonse sichingachite. Mayi uja akhoza kupita kwa abambo aja asanalembe kanthu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, kalata ija yabwera, ndati mumve kwa ine. Zambiri zimene ndinayankha kumeneko munandiphunzitsa ndinu." Akatero, chilengezo chikadzatuluka chidzapeza njira yolambulidwa kale.

Malo nawo amasintha kanenedwe. Sitetasi ya pa WhatsApp imatha pakapita maola 24, imaonedwa ndi anthu amene mumadziwana nawo, ndipo mizere iwiri yachikondi imakwana. Mukhozanso kusankha oti aione pogwiritsa ntchito My contacts except kapena Only share with, ngakhale muyenera kudziwa kuti wina akhoza kuijambula n'kuitumiza kwa amene munamubisira, ndipo kubisirako kudzapweteka kuposa nkhaniyo. Pa Facebook mawu amakhalitsa ndipo amafika kwa anthu amene simunaonane nawo zaka zambiri, choncho lembani zoti simudzachita nazo manyazi patsogolo. Pa LinkedIn kulengeza udindo watsopano n'chinthu chimene anthu amayembekezera, moti kutchula dzina lonse la udindo ndi la kumene mukugwira ntchito si matama. Kumeneko chepetsani za kunyumba, chulukitsani za ntchito.

Chithunzi chimalankhula mawu asanawerengedwe. Mukajambulitsa mutakhala pampando wozungulira, makiyi a galimoto ali patebulo, ngakhale mulembe modzichepetsa bwanji, anthu amva za makiyiwo. Chithunzi cha nkhope yosekerera, kapena chimene muli pa ntchito yanu yeniyeni, chimagwirizana ndi mawu ofatsa. Ngati muli anthu ena, apempheni kaye, ndipo ana a sukulu kapena odwala asaoneke nkhope. Kalata yeniyeniyo musaijambule. Imakhala ndi nambala yanu ya ntchito, siginecha ya amene anailemba, nthawi zina ndi malipiro omwe. Kuonetsa malipiro kumasandutsa chilengezo kukhala nkhani ya ndalama, ndipo aliyense amene ali ndi abale ambiri amadziwa mauthenga amene amatsatira pamenepo, kawirikawiri malipiro atsopanowo asanayambe n'komwe kulowa.

Kuyesa musanatumize

Mukamaliza kulemba, ikani foni pansi mpaka mawa. M'mawa werengani mokweza, ngati kuti mwaimirira pamsonkhano wa ogwira ntchito onse. Chiganizo chimene simungachinene pamaso pa anthuwo chichotseni. Kenako werengani kangati mwanena za inu mwini ndi kangati mwanena za ena. Ngati chiganizo chilichonse chikuyamba ndi ndachita, ndafika, ndakwanitsa, sinthani chimodzi kapena ziwiri kuti woyamba kutchulidwa akhale wina. Yang'ananinso zizindikiro zofuula ndi tizithunzi ta moto ndi ta zisoti zachifumu; kamodzi kokha n'kokwana, kapena osaika n'komwe. Pomaliza, werengani ndi maso a mnzanu amene sanakwezedwe. Simungamuchotsere kukhumudwa, chifukwa kukuchokera ku kalata imene sanalandire osati kwa inu. Chimene mungathe ndi kuonetsetsa kuti m'mawu anu mulibe chomuwonjezera ululu.

Chilengezo chikatuluka, ntchito yotsala ndi yochepa koma ambiri amapunthwa pomwepa. Anthu akamakufunirani zabwino, yankhani kuti zikomo, ndipo kumene mungathe onjezani kanthu kokhudza munthuyo. Musakane chiyamikiro pomati si kanthu ayi, chifukwa mukumukakamiza kuti abwereze kukuyamikirani. Musatengenso mauthenga onse okuyamikirani n'kumawaika pa sitetasi limodzilimodzi kwa masiku atatu. Pamenepo nkhani imene munainena kamodzi mwaulemu mwainena kambirimbiri kudzera m'kamwa mwa ena. Anzanu akayamba kukutchulani kuti bwana moseka, sekani nawo, koma inu musadzitche.

Njira yonseyi ili ndi malire ake. Ngakhale mawu asankhidwe mosamala chotani, padzakhala wina amene adzati mwadzitama, chifukwa kwa iye cholakwa si mawuwo koma kukwezedwako. Munthu ameneyu musamulembere, kaya pomuyankha kapena pomupepesa. Palinso nthawi imene kusalengeza poyera ndiko kwanzeru: ngati kuntchito kwanu ena akuchotsedwa mwezi womwewo, ngati amene mwalowa m'malo mwake wamwalira kapena wachoka pa mlandu, kapena ngati ntchito yanu ndi yosafuna kuti anthu ambiri adziwe kumene muli. Zikatero uzani okhawo oyenera kudziwa, aliyense payekha, ndipo chithunzi chija chidikire. Koma ngati palibe chotere, lengezani. Aphunzitsi anu akale, amalume amene anakulipirirani fizi ndi mnzanu amene munkagawana naye buku limodzi ali ndi gawo m'nkhaniyi, ndipo ayenera kuimva kuchokera kwa inu, m'mawu omveka bwino amene iwonso akudzipezamo.